Ndinafunsa mtengo wokha: zomwe zinandionekera potsegula shopu yosoka pa Lunzu

Kusoka ndinaphunzira kwa azakhali anga ku Ndirande, zaka ziwiri zathunthu, kuyambira pa kusokerera mabatani mpaka kudula ndekha dilesi la chitenje popanda wondiimirira kumbuyo. Pofika kumayambiriro kwa 2023 ndinkaona kuti manja anga akhwima. Ndinali ndi makina opondaponda a Butterfly amene ndinagula kwa munthu wina pa K120,000, lumo labwino, simbi ya makala, ndi mtima wofuna kuima pandekha. Ndinasankha msika wa Lunzu chifukwa ndi kufupi ndi kumene ndimakhala, komanso anthu sasowa. Msewu wa M1 wadutsa pomwepo, ndipo tsiku la msika munthu umayenda chammbali ngati nkhanu.

Azakhali anandiuza mawu amodzi ndisanachoke: "Mwana wa mchimwene wanga, usanakhome chikwangwani, kaone kaye anzako akusoka bwanji kumeneko." Ndinavomera, ndipo ndinapitadi. Koma mmene ndinaonera ndi mmene munagona vuto langa lonse.

Ndinapita Lachitatu lina masana, nditavala bwino, n'kumadzionetsa ngati kasitomala. Ndinalowa kwa matelala asanu amene anali pafupi ndi kachipinda kamene ndinkafuna kuchita lendi. Paliponse funso linali limodzi: "Dilesi la chitenje mumasoka zingati?" Wina anati K6,000, wina K5,000, awiri anati K5,500, ndipo mayi wina wa pakona, amene shopu yake inali ndi kalilole wamkulu ndi katani, anati K8,000 osandiyang'ana n'komwe. Pasanathe ola limodzi ndinali nditamaliza. Ndinakwera kabaza ndikumwetulira, mumtima ndikuti nkhani yake ndi yophweka: ine ndiyamba ndi K4,000, onsewa ndiwalanda anthu.

M'mwezi wa Malichi ndinatsegula. Lendi inali K26,000 pamwezi, ndipo mwini nyumba anafuna ya miyezi itatu nthawi imodzi. Ndinabwereka K100,000 ku banki m'khonde ya kwathu, ya chiwongoladzanja cha K20 pa K100 iliyonse, yoti ndilipirire lendiyo ndi kugula tebulo lodulira, benchi, ulusi, mazipi ndi layining'i.

Anthu anabweradi. Mbiri ya telala wotchipa siichedwa kufala. Pofika Meyi chingwe changa chinali chodzaza ndi nsalu zodikira, ndipo ndinkaweruka mdima utagwa, msana ukuwawa, koma ndikunyada. Chondidabwitsa chinali chakuti ndalama sizinkaoneka. Ndikati ndikagule ulusi ku Limbe, ndinkapeza kuti m'kachikwama mwatsala zochepa, n'kutapa pa ndalama ya ndiwo. Ndinayamba kukayikira mng'ono wanga amene ankandithandiza kusita. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinamufunsira tsiku lina, iye n'kulira. Sanabe kalikonse mwanayo. Wakuba ndinali ndekha.

Ndinazindikira izi usiku wina mu Ogasiti, nditalephera kubweza gawo langa ku banki m'khonde kachiwiri. Ndinatenga pepala n'kulemba zonse zimene zimalowa m'dilesi limodzi. Layining'i mita imodzi ndi theka, K2,100. Zipi K400. Ulusi pafupifupi K200. Ovaloko, makina omangira m'mphepete mwa nsalu kuti isayoyoke, ndinalibe, ndiye ndinkapita kwa mnyamata wina wa makina a magetsi amene ankandilipiritsa K400 pa chovala. Makala a simbi K100. Zonse pamodzi K3,200. Pa K4,000 ija ndinkatsala ndi K800. Koma dilesi limodzi, kudula, kusoka, kuyesa, kukonza ndi kusita, linkanditengera tsiku limodzi ndi theka, pamene lendi yanga ukaigawa pa masiku 26 ogwira ntchito inali K1,000 patsiku. Ndiye kuti pa dilesi lililonse ndinkaluza K700, ndisanadye, ndisanakwere kabaza, ndisanadzilipire ngakhale tambala. Ntchito ikachuluka, dzenje linkakulirakulira.

Ndinadzifunsa kuti nanga anzanga a K5,000 aja akupulumuka bwanji? Yankho ndinalipeza mwangozi kwa kasitomala wina. Iye anati, "Inu ndiye abwino, asisi. Kwa enawa layining'i ndi zipi timagula tokha." Ndinangoti kakasi. Mitengo imene ndinauzidwa tsiku lija inali ya manja okha. Kasitomala amabwera ndi zipangizo zake, kapena telala amawonjezera pamwamba. Ine ndinatenga mtengo wa manja okha, n'kuutsitsa, kenako n'kulowetsamo zipangizo zonse. Mayi wa K8,000 yekha ndi amene ankatchula mtengo wa zonse, ndipo ukachotsa zipangizo, sanali wodula kwenikweni kuposa anzakewo.

Chimene ndikanakonda kudziwa kale ndi ichi: funso lakuti "dilesi ndi zingati" silikuuza kanthu. Dilesi lanji? La layining'i kapena lopanda? La manja kapena lopanda manja? Zipi abweretsa ndani? Telala akamayankha munthu wongodutsa amene sananyamule nsalu, amatchula mtengo wa dilesi losavuta kwambiri kuti munthuyo asathawe. Mtengo weniweni umatuluka nsalu ikakhala patebulo ndipo sitayilo yaonetsedwa pafoni.

Ndinayesa kukweza kufika K6,000. Apa ndi pamene ndinaphunzira kuti kasitomala amene wabwera chifukwa cha kutchipa amachokanso chifukwa cha mtengo. Theka la anthu anga linasowa m'mwezi umodzi wokha. Ena ankachita kunena pamaso panga kuti ndayamba matama. Tsiku la anakubala la pa 15 Okutobala linandipatsako mpweya, chifukwa nthawi imeneyo telala aliyense amakhala ndi zitenje zosoka, koma mu Novembala ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo nditapita ku Limbe ndinapeza zipi, layining'i ndi ulusi zakwera zonse. Ndinabwerako ndi kajumbo kopepuka. M'minibasi ndinaganiza zogulitsa makina n'kubwerera kwa azakhali.

Ndinapitadi kwa azakhaliwo pa Khirisimasi, n'kuwafotokozera zonse. Sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Pa Lunzupo osoka alipo angati?" Ndinati asanu kapena asanu ndi mmodzi. "Wawerenga, kapena ukungoganiza?" Ndinakhala chete. "Nanga anthu amene sabwera kwa iwe kapena kwa anzakowo, amavala chiyani? Amayenda maliseche?" Anaseka, koma ine funso limenelo linandilasa.

Mu Januwale 2024 ntchito inali yochepa, monga zimakhalira anthu akathera ndalama ku feteleza ndi fizi. Ndinaganiza zogwiritsa ntchito nthawi imeneyo kuchita bwinobwino zimene ndinachita mwachibwana poyamba. Ndinagula kope la ana asukulu ndi bolopeni. Zinanditengera masabata atatu.

Choyamba ndinayenda msika wonse ndi m'mbali mwa msewu, mzere ndi mzere, n'kujambula kamapu patsamba loyamba. Paliponse pamene ndinamva kulira kwa makina ndinaika kadontho. Madontho anakwana 14. Miyezi khumi ndili pamalopo, ndinkadziwa asanu okha. Ena anali m'makonde a masitolo, ena kuseri kwa zigayo, wina m'kati mwa saluni. Nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti si onse amene ndinkalimbirana nawo anthu. Atatu anali abambo osoka masuti, mathalauza ndi malaya a amuna okha. Awiri ankakhalira mayunifolomu a sukulu, kusoka ambiri n'kumapachika kuti makolo azingogula. Mmodzi ankasoka makatani ndi nsalu za mipando. Gogo wina wa pafupi ndi ogulitsa nsomba ankaphatika zigamba ndi kusintha mazipi. Otsala asanu ndi awiri ndi amene ankasoka za amayi ngati ine. Mwa asanu amene ndinawafunsa chaka chapitacho, mmodzi anali wa masuti, amene ananditchulira mtengo wa dilesi mongondichotsa.

Apa langizo langa ndi lakuti musavutike ndi onse. Mukadziwa amene akusoka zofanana ndi zanu, sankhani atatu: amene anthu amati ndi wodula, amene amati ndi wotchipa, ndi amene ali pafupi kwambiri ndi khomo lanu. Atatu amenewo akuphunzitsani zambiri kuposa mndandanda wa anthu 14 umene simungathe kuutsatira.

Chachiwiri chinali chodula, koma ndi chimene chinanditsegula maso. Ndinagula zitenje zitatu zofanana ndendende, n'kupempha anthu atatu amene sadziwika kuti ndi abale anga: msuweni wanga wa ku Chileka, mlamu wanga, ndi mayi wina wa kumpingo kwathu. Aliyense anatenga chitenje chimodzi ndi chithunzi chimodzimodzi pafoni, siketi yowongoka ya layining'i, zipi kumbuyo, yong'ambika pang'ono m'munsi. Ndinasankha siketi chifukwa ndi yotchipa kuposa dilesi, koma imaonetsa zonse: zipi, lamba wa m'chiuno, mpendero ndi mmene yakhalira m'thupi. Ndinawapempha kuti asanenerere kwambiri, alipire zimene auzidwa, ndipo andiuze zinthu zinayi: ndalama zonse zimene zatuluka m'thumba, tsiku limene alonjezedwa, tsiku limene alandiradi, ndi maulendo amene ayenda. Zitenje, kusoketsa ndi thiransipoti zinandidyera pafupifupi K35,000, ndalama imene nthawi imeneyo inandipweteka kwambiri. Komabe masiketiwo anatsala ndi eni ake ngati mphatso, ndipo poyerekeza ndi zimene ndinataya m'miyezi ija, inali yochepa.

Msuweni wanga anapita kwa wotchipa. Analipira K3,500, layining'i ndi zipi n'kukagula yekha pa K2,600, zonse K6,100. Analandira mawa lake lomwe. Kunja siketiyo inkaoneka bwino ndithu. Nditaitembenuza ndinaona chifukwa chake inatha msanga: m'mphepete mwa nsalu simunadutse ovaloko, ulusi unali utayamba kale kuyoyoka, ndipo msoko unali wothina kwambiri moti munthu atanenepa pang'ono palibe pomasulira. Misoko yake inali ya mapazi aatali, yothamangitsa, imene imaphotchoka munthu akakhala pansi mwamphamvu.

Mlamu wanga anapita kwa mnansi wanga wa khomo lachitatu kuchokera panga. Anauzidwa K5,000 ya manja, zipangizo zake zapadera, zonse n'kukwana K7,600, ndipo analonjezedwa Lachisanu. Lachisanu anapeza nsalu isanadulidwe. Lolemba anauzidwa kuti magetsi anavuta, chonsecho makina ake ndi opondaponda. Analandira patatha masiku 11, paulendo wachinayi. Kusoka kwake kunali kwabwino, sindingamunamizire, mwina kuposa kwanga pa zipi. Koma mlamu wanga amakhala kutali, ndipo ulendo uliwonse pa kabaza unali K1,000 kupita ndi kubwera. Maulendo awiri owonjezerawo anakweza siketi ija kufika K9,600, osawerengera mkwiyo.

Mayi wa kumpingo anapita kwa wa pakona uja. K9,000, zonse m'katimo, theka kulipiriratu. Anamuyeza malo asanu n'kulemba m'buku lalikulu pamodzi ndi dzina ndi nambala ya foni, n'kudula kachidutswa ka chitenjecho n'kukamata patsamba lomwelo. Anamuuza kuti, "Sabata yamawa Lachinayi, osati lisanafike." Lachinayi siketi inali yosita, ili m'pepala. Mkati munali moyera ngati kunja. Ndinaigwira nthawi yaitali usiku umenewo, ndikuitembenuzatembenuza pansi pa nyali, nsanje ndi ulemu zikulimbana mumtima.

Nditaika zitatuzi patsamba limodzi, ndinaona chimene sindikanachiona pofunsa pakamwa. Pakati pa wotchipa ndi wodula panali K2,900 yokha, osati kuwirikiza kawiri ndi theka monga mitengo yotchulidwa inkaonetsera. Ndipo wapakatiyo, amene ndinkamuopa kwambiri chifukwa cha kuyandikana, ndi amene anali wodula kuposa onse kwa munthu wochokera kutali. Koma ndichenjeze: siketi imodzi si chiweruzo. Mwina sabata imeneyo munthuyo anali ndi maliro. N'chifukwa chake ndinafunsanso amayi ku saluni ndi kumpingo, osatchula dzina la munthu, funso longoti, "Chimene chimakutopetsani kwa matelala n'chiyani?" Mwa amayi 20 amene ndinalemba mayankho awo, 13 anatchula kunamizidwa tsiku. Anayi anati kuonongeredwa nsalu kapena kusoweka kwa zotsala. Atatu okha ndi amene anayamba ndi mtengo. Ine chaka chonse ndinkamenya nkhondo ya atatuwo.

Chachitatu chinali kukhala pansi n'kuyang'ana. Ndinasankha masiku atatu, limodzi la msika ndi awiri wamba, n'kumakhala pa benchi la mayi wogulitsa mandasi moyang'anana ndi mzere wathu, kuwerenga olowa ndi nsalu ndi otuluka ndi zovala. Apa ndi pamene ndinagwidwa. Tsiku lachiwiri mayi wa pakona uja anatuluka, tepi ili m'khosi, n'kubwera molunjika pamene ndinali.

"Mwana wanga, ukulemba chiyani za shopu yanga?"

Thupi lonse linachita tsembwe. Pamsika nkhani yotere itha kusanduka ya mankhwala mosachedwa, anthu n'kumati telala watsopano akulemba mayina a anzake. Ndinaimirira, n'kuwapatsa kopelo ndi manja awiri. "Amayi, pepani. Bizinesi yanga ikufa. Ndikufuna ndione chimene ndikulakwitsa."

Anatsegula masamba pang'onopang'ono. Atafika pa siketi zija anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Ndiye mayi uja anali wako? Ndinadabwa, munthu osanenerera ngakhale pang'ono." Kenako nkhope inasintha. "Ukanangobwera kudzandifunsa. Iwe ndi amene unkasoka dilesi K4,000? Unatipweteka tonse chaka chatha, ndipo unadzipweteka wekha koposa."

Ndikanayambiranso, kuwerengako ndikanachita mosaonetsa kope, kungosunga m'mutu n'kukalemba kunyumba. Komanso ndikanayamba ndi kukapereka moni kwa akuluakulu a ntchitoyi ndisanatsegule n'komwe. Si onse angakuuze zoona, koma mmodzi amapezeka, ndipo zimene angakuuze m'mphindi khumi sungazipeze pa benchi la mandasi. Mayiwo anandiuza kuti phindu lawo lenileni silichokera kwa odutsa, koma ku magulu: anamwali operekeza ukwati, zinkhoswe, makwaya, ndi amayi a Mvano ofuna mabulauzi oyera. Makasitomala amenewo anawasonkhanitsa zaka zoposa 15, ndipo ine sindikanawalanda ngakhale nditasoka ulere. Anandiuzanso kuti zimene ndikuwerenga mu Januwale zisandinamize, chifukwa msika womwewo umakhala wina kuyambira Ogasiti mpaka Disembala, nthawi ya maukwati, ndiponso sukulu zikamatsegulira.

Funso la azakhali lija, lakuti ena onsewo amavala chiyani, ndinaliyankha tsiku la msika. Nditatopa ndi kuwerenga makomo a matelala, kumene m'mawa wonse munalowa anthu osakwana 30 kwa onse pamodzi, ndinapita kumbali ya kaunjika. Kumeneko ndiye kunali chinamtindi. Belo likangotsegulidwa amayi ankachita kulimbirana, ndipo dilesi labwinobwino linkapita pa K3,000 kapena K4,000, kutsika kuposa mtengo wanga wosokera dilesi, nsalu osawerengera. Mpikisano wanga waukulu sunali telala aliyense. Unali mulu wa zovala pa pulasitiki.

Poyamba zinandifooketsa. Koma nditaima pamenepo maola awiri ndinayamba kumva mawu amodzimodzi mobwerezabwereza. "Ikanakhala yaifupi." "M'chiunomu ndi mwamukulu." "Zipi yake ndi yakufa." Munthu ankanyamula chovala, kuchiyesa pathupi, kuchikonda, kenako n'kuchiponyanso pamulu. Ndinawerenga anthu 23 amene anachita zimenezi pa mabenchi anayi okha. Wokonza zovala pamsika wonse anali gogo uja wa kunsomba, kutsidya lina, ndipo ambiri sankamudziwa. Matelala anzanga ntchito yobweza zovala ankaiona ngati yonyozeka. Ukapita nayo ankaiponya pansi pa tebulo n'kukuuza kuti ubwere sabata yamawa. Inenso, kunena zoona, ndinali nditabwezapo anthu angapo, poganiza kuti sindinaphunzire zaka ziwiri kuti ndizipinda mathalauza a kaunjika.

Ndinawerengetsa. Kufupikitsa thalauza kapena kubweza m'chiuno kumanditengera mphindi 15 kapena 20, ndipo chimene chimalowa ndi ulusi basi. Pa K800 chimodzi, zovala zitatu pa ola ndi K2,400. Dilesi la tsiku ndi theka, ngakhale pa mtengo wabwino, silinkandisiyira ndalama yotere pa ola.

Kumayambiriro kwa Febuluwale ndinasintha zinthu zitatu. Ndinalankhula ndi anyamata awiri a kaunjika kuti munthu akadandaula za kukula kwa chovala azimulozera kwa ine, ndipo ine ndizikonza ulere zovala zawo ziwiri zong'ambika sabata iliyonse kuti azigulitsa pa mtengo wabwino. Tsiku la msika ndinkanyamula makina pa wilibala kukakhala pakhonde la pafupi nawo, n'kumalipira chiphaso cha tsikulo. Ndinalemba pakatoni kuti "Kubweza ndi kupinda, dikirani pompano." Tsiku loyamba ndinakonza zovala zisanu ndi chimodzi. Pofika Epulo ndinkafika 14 kapena 15 tsiku la msika, ndipo ndalama ya masiku amenewo yokha inkakwana lendi ndi kutsalako.

Chachiwiri, pa zosoka zatsopano ndinasiya kulimbana ndi wotchipa uja. Iye amathamanga kuposa ine ndipo anthu ake amakhutira ndi zimene amawapatsa. Kumutsatira kunali kudzikumbira manda. Ndinadziika pang'ono pansi pa mayi wa pakona: siketi ya layining'i K8,000, zonse m'katimo, ndipo ndinalemba mitengo pakhoma, mzere wa "ndi zipangizo zathu" ndi mzere wa "mukabweretsa zanu", kuti pasakhalenso kusamvana. Theka kulipiriratu, pamanja kapena pa foni, ndipo nsalu sindiidula ndalamayo isanalowe. Zotsala za nsalu ndimazipinda n'kuziika m'jumbo limodzi ndi chovala, ngakhale kachidutswa kochepa bwanji.

Chachitatu chinali tsiku. Ndinagula buku ngati la mayi aja, n'kudziikira lamulo lakuti sindilandira zovala zatsopano zoposa zinayi pa sabata, poti masiku a msika ndi a zobweza. Wachisanu ndimamuuza za sabata yotsatira. Izi zinali zowawa kuposa mmene zikumvekera. Kuona munthu akutuluka ndi nsalu yake kupita kwa mnansi, iwe uli ndi ngongole, mtima umachita kuti bwerani ndikusokerani mawa. Kawiri ndinagonja, ndipo kawiri konseko ndinachedwetsa munthu wina amene ndinamulonjeza kale. Wachiwiriyo anali mayi wopita ku chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wake. Anadikira pa benchi langa maola atatu ndikumalizitsa mpendero, ndipo sanabwerenso.

Sikuti zonse zinayenda. Mayunifolomu a sukulu ndinayesa mu Sepitembala 2024 poona mizere ya makolo kwa anzanga awiri aja, osawerengetsa bwino kuti iwo amagula nsalu ya mpukutu wathunthu pa mtengo wotsika pamene ine ndinkagula ya mamita. Ndinasoka madilesi 20, n'kugulitsa 12 pa mtengo wongobweza ndalama, ndipo asanu ndi atatu anakhala pa chingwe mpaka Januwale. Ndinabwereza kulakwa komwe kuja, kuona mtengo wa mnzanga osaona chimene chili kuseri kwake. Komanso malo a kaunjika aja sanakhale anga ndekha nthawi yaitali. Patatha miyezi isanu mnyamata wina anabwera ndi makina ake n'kukhala mabenchi atatu kuchokera panga, akupinda thalauza pa K500. Ulendo uno sindinatsitse. Ndinatuma mng'ono wanga ndi jinzi yakale, ndipo itabwera ndinaona kuti amangodula n'kupinda ndi ulusi uliwonse umene uli pa makina, wakuda pa jinzi ya ulusi wachikasu. Ndinagula ulusi wokhuthala wa jinzi wa mitundu itatu ndi singano za nambala 18, n'kupachika miyendo iwiri ya jinzi pakhonde, wina wopinda mwachisawawa ndi wina wofanana ndi mpendero wa kufakitale. Ena amapitabe kwa iye, ndipo ndi bwino. Ofuna kuti isaoneke kuti yadulidwa amabwera kwa ine.

Ngongole ya banki m'khonde ndinaimaliza mu Juni 2024, patatha chaka ndi miyezi itatu, nditabwereka kawiri kuti ndibweze yoyamba, ndipo chiwongoladzanja chokha chinaposa ndalama imene ndinatenga. Ovaloko yangayanga ndinagula chaka chomwecho chakumapeto, yogwiritsidwapo kale ntchito.

Kope lija ndikadali nalo. Kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti maukwati asanayambe, ndimayendanso msika ndi kamapu kaja, kufufuta amene achoka ndi kuwonjezera atsopano, ndipo ndikabwera ku Limbe ndi mitengo yatsopano ya zipi ndi layining'i ndimawerengetsanso siketi imodzi kuyambira pachiyambi ndisanakhudze mitengo ya pakhoma. Zotuma anthu ndi zitenje ndinachepetsa, chifukwa tsopano mayi wa pakona ndimangowafunsa. Mwezi wathawu ananditumizira anamwali anayi a ukwati wina umene unawachulukira, n'kundiuza kuti akadzamva kuti ndachedwetsa ngakhale tsiku limodzi, adzabwera okha kudzatenga nsaluzo. Ndinamaliza Lachitatu, ukwati uli Loweruka.